Makina a fotokope ndi a eni ake, koma odita akuti tiwalembe ngati katundu wathu

Membala wosadzitchula dzina: Abale ndithandizeni, mutu waima. Ndimasunga mabuku a ndalama pa bungwe lina la alimi kuno ku Nchalo. Chaka chatha abwana anabwereka makina aakulu a fotokope ku kampani ina ya ku Blantyre, timalipira K350,000 pamwezi. Ine sanandifunse, ndinangoona galimoto ikutsitsa. Ofesi yake ndi yamalata, mwezi wa Okotobala makinawo amatentha n'kumatafuna mapepala, fani yomwe ndinapempha chaka chatha mpaka lero zii. Mwezi uliwonse ndakhala ndikulemba K350,000 ngati lendi basi. Tsopano odita wabwera, kamnyamata koti ndikhoza kukabereka, akuti ndalakwitsa, pakufunika katundu ndi ngongole molingana ndi lamulo la kasungidwe ka mabuku la IFRS 16. Abwana akundiyang'ana ngati ndaba. Ngongole yake iti poti sitinaphonyepo mwezi? Ndilembe bwanji?

Mkulu wa pa Thabwa: Mayi musavutike. Ine ndasunga mabuku zaka 27. Chinthu chosakhala chako sungachilembe kuti ndi chako. Njinga yobwereka suyilembetsa pa chuma cha masiye! Lendi ndi lendi. Ana a masiku ano akangotuluka ku koleji amafuna aoneke.

NaPhiri wa ku Bangula: Bola inu makina alipo. Ife athu analowa madzi nthawi ya Freddy mu 2023, matope mpaka m'matireyi, koma kampani inati mgwirizano ndi mgwirizano, tinalipirabe miyezi 14 makina ali phee pakona. Yang'anani za inshuwalansi achemwali.

Kabaza Wolemera: Odita akafika apatseni thobwa lozizira, mafunso amachepa.

Mlongo wa ku Ngabu: Odita akunena zoona. N'zosavuta: tengani K350,000 muchulukitse ndi miyezi yonse ya mgwirizano, yankholo mulilembe mbali zonse ziwiri, katundu ndi ngongole. Mwatha.

Akauntanti wa ku Boma: Achemwali, mwatiuza za fani koma simunatiuze kuti mgwirizano ndi wa nthawi yaitali bwanji. Ngati ndi miyezi 12 kapena kuchepera, zomwe mwakhala mukuchitazo n'zololedwa. Tiuzeninso ngati mu K350,000 muli tona ndi kukonza. Bambo a pa Thabwa, zomwe mukunenazo zinali zoona kale, koma lamuloli linasintha kuyambira 1 Januwale 2019. Chomwe chimalembedwa si makinawo ayi, ndi ufulu wowagwiritsa ntchito nthawi yomwe mwagwirizana. Ngongoleyo ndi ndalama zomwe mwasainira kuti mudzalipira, ngakhale simunaphonye mwezi.

Mkulu wa pa Thabwa: Ufulu? Ufulu tinalandira 1964. Tandionetseni ufulu wa fotokope ndiugwire ndi manja. Ndiye tilembenso mthunzi wa mtengo wa nimu womwe timakhala pansi pake?

NaPhiri wa ku Bangula: Bambo, ngongoleyo ine ndinaiona ndi maso. Makina atafa inatsala.

Membala wosadzitchula dzina: Pepani. Ndi zaka zitatu. Pa invoisi amalemba K300,000 ya makina, K50,000 ya tona ndi mekaniki, ngakhale mekanikiyo amabwera mwa apo ndi apo, akuti msewu wotsetsereka ku Thabwa umamuthera mabuleki.

Akauntanti wa ku Boma: Zaka zitatu ndiye odita ali ndi mfundo. K50,000 ija isiyeni pomwe ili, muziilemba ngati ndalama yogwiritsa ntchito mwezi ndi mwezi. Tigwire K300,000 yokha. VAT musaiphatikize.

Mlongo wa ku Ngabu wasochera pang'ono. K300,000 kuchulukitsa 36 ndi K10,800,000, koma simulemba imeneyo, chifukwa K300,000 yodzalipira chaka chachitatu si yofanana ndi K300,000 ya lero. Mumafunsa kuti: tikanakongola ku banki kuti tizibweza K300,000 pamwezi kwa miyezi 36, akanatipatsa zingati lero? Chiwongoladzanja chake ndi chomwe chabisika mu mgwirizanomo ngati mungachidziwe, koma kawirikawiri kampani siinena, ndiye mumatenga chomwe banki yanu ikanakulipiritsani pa ngongole yotere tsiku lomwe makina anafika. Tingoyerekeza 24% pachaka, ndiye kuti 2% pamwezi. Mu Excel lembani:

```
=PV(2%,36,-300000)
```

Ikupatsani K7,646,653. Tsiku loyamba mumalemba chonchi:

```
Dr Right-of-use asset   7,646,653
Cr Lease liability      7,646,653
```

Kutha kwa mwezi woyamba ngongole yabereka 2%, yomwe ndi K152,933. Mukalipira K300,000, K152,933 ndi chiwongoladzanja, K147,067 yotsalayo ndiyo yachepetsa ngongole, yatsala K7,499,586. Mwezi wachiwiri 2% mumaiwerengera pa yotsalayo. Mbali ya katundu imayenda payokha: K7,646,653 kugawa 36, mwezi uliwonse mumachotsa K212,407 mpaka ithe. Mukapanga tebulo la miyezi 36 ndipo mzere womaliza sukuthera pa ziro, penapake mwaphonya.

Mlongo wa ku Ngabu: Ndiye pomaliza zonse zikukwanabe K10,800,000, si zomwe ndinanena?

Akauntanti wa ku Boma: Pomaliza inde, koma K3,153,347 mwa imeneyo ndi chiwongoladzanja, si katundu.

Mkulu wa pa Thabwa: Taonani! K152,933 kuphatikiza K212,407 ndi K365,340. Mayiwa atulutsa K300,000 m'thumba, buku likuti awononga K365,340. K65,340 yapita kuti? Alimi a nzimbe mukawauze zimenezo pa msonkhano wa pachaka, akuthamangitsani mpaka mu Shire. Ndipo bungwe lopanda ngongole mwalipatsa ngongole ya 7 miliyoni ndi cholembera. Nanga osangogula makina anuanu bwanji? Ife tinagula athu, alipo mpaka lero.

Akauntanti wa ku Boma: Masamu mwakhoza bambo. Miyezi yoyamba imalemera chifukwa ngongole ikadali yaikulu, yomaliza imapepuka kutsika pansi pa K300,000. Ndalama siinapite kulikonse.

Wophunzira za ICAM: Koma akuluakulu, si paja katundu wotsika mtengo salowa? Tinaphunzira kuti chinthu cha pafupifupi madola 5,000 kutsika pansi chikakhala chatsopano mukhoza kungolemba lendi. Komanso bungwe lawolo limatsata IFRS yonse kapena ya mabizinesi ang'onoang'ono ija? Mu IFRS for SMEs mulibe zimenezi, amasiyanitsabe lendi wamba ndi yomwe ili ngati kugula pangongole.

Akauntanti wa ku Boma: Funso lachiwirilo ndi lenileni, ndinayenera kuyamba nalo. Achemwali, tsegulani malipoti a chaka chatha, tsamba lofotokoza ndondomeko zomwe mumatsata, mpamene palembedwa. Za madola 5,000, nambalayo ili m'mafotokozedwe a omwe analemba lamulo, si malire okhomedwa ndi msomali, ndipo ankaganiza za zinthu ngati laputopu ndi mafoni. Makina oima pawokha a matireyi anayi ndikukayika.

Wophunzira za ICAM: Koma 7.6 miliyoni mukaisintha pa mtengo wa dola wa ku banki ikugwera chapomwepo.

Akauntanti wa ku Boma: Amayang'ana mtengo wa makina atsopano m'sitolo, osati ngongole. Afunse kampaniyo.

Kabaza Wolemera: Dola yake ya ku banki kapena ya pansi pa mtengo?

Mkulu wa pa Thabwa: Mwaona? Okhaokha ophunzira sakugwirizana. Mayi lembani lendi.

Membala wosadzitchula dzina: Malipoti a chaka chatha ali mu kabati ya abwana, apita ku maliro ku Nsanje ndi makiyi. China, timalipira pa 1 mwezi ukamayamba, ndipo yoyamba tinapereka tsiku lomwe makina anafika. Zikusintha kanthu?

Akauntanti wa ku Boma: Zikusintha, mukanayamba ndi zimenezi!

```
=PV(2%,36,-300000,0,1)
```

Katundu akhala K7,799,586, ngongole K7,499,586 chifukwa K300,000 yoyamba inatuluka kale ku banki. Zochotsa pamwezi zikhala K216,655. Ndipo 24% ija ndangoyerekeza, kafunseni ku banki yanu kalata ya chiwongoladzanja cha mwezi umenewo, odita adzaifuna.

NaPhiri wa ku Bangula: Za inshuwalansi zija mwayang'ana? Mvula ili pafupi.