Maphunziro a antchito a mashifiti atatu, ndiwakonze bwanji?

Wofunsa: Abale thandizeni, mutu waima. Ndimagwira ntchito pa kampani yophika buledi ku Blantyre, ndipo bwana andiuza kuti antchito onse 36 aphunzitsidwe zaukhondo ndi kagwiritsidwe ka makina atsopano okandira ufa. Maphunziro ake ndi a maola awiri. Mashifiti ndi atatu: 6 koloko m'mawa, 2 koloko masana ndi 10 koloko usiku, anthu 12 pa shifiti. Ulendo wapitawu ndinaitana onse Lachisanu 9 koloko, anabwera 14 okha, mlandu n'kugwera ine. Ntchitoyi si yanganso, mwini wake ali pa tchuthi, ngakhale kiyi wa kabati sanandisiyire. Ndipange bwanji?

Kapitawo wa ku Kanengo: Achemwali, munalakwitsa ndinu! Munthu waweruka 6 koloko atachezera pa uvuni, mukuti adikire mpaka 9? Ngakhale abwere, azingosinza. Yambani ndi funso ili: ndi anthu angati oyenera kutsala kuti buledi asaime? Tinene 8. Ndiye mungachotse 4 okha nthawi imodzi. Pa shifiti ya anthu 12 ndi magulu atatu, mashifiti onse magulu 9. Onjezani awiri obwereza a odwala ndi amene ali pa tchuthi, akwana 11. Phunzitsani mkati mwa shifiti, pa nthawi imene ntchito imachepa, osati galimoto zikupakira buledi.

Bambo wa ku Ndirande: Zonsezo n'zautali. Aitaneni onse Lamlungu, mumalize kamodzi.

Mayi wa ku ofesi ya antchito: Bambo, Lamlungulo lili ndi mtengo wake. Lamulo la zolembedwa ntchito la 2000 limati ovataimu ya tsiku wamba ndi malipiro a ola limodzi ndi theka pa ola lililonse, ndipo ya tsiku lopuma ndi kawiri. Maphunziro amene kampani yakakamiza muwawerenge ngati ntchito. Anthu 36, maola awiri, kuwirikiza kawiri, mwalipira maola 144. Komanso ngati buledi amaphikidwa Lamlungu, shifiti imodzi idzakhalabe pa uvuni.

Bambo wa ku Ndirande: Koma magulu 11 wophunzitsa mumulipira kangati? Zimenezonso muwerenge, mayi.

Mnyamata wina: Muli alawansi? Ikani fanta ndi mabanzi, muona ngakhale a kampani yoyandikana nayo abwera. Kwathu anatiitana tsiku la ofu opanda ya minibasi, sindinapite.

Kapitawo wa ku Kanengo: Alawansi ndi imene yawononga anthu! Tsono achemwali, chachikulu simunanene: mashifiti anu amazungulira kapena aliyense ali ndi yakeyake? Ngati amasinthana sabata iliyonse, palibe chophunzitsa usiku. Ikani maphunziro pa shifiti ya m'mawa yokha, Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachinayi, anthu 4 patsiku. Sabata zitatu aliyense wadutsa m'mawa, sabata yachinayi ndi yobwereza. Ngati sazungulira, wophunzitsa abwere usiku ndithu. Musawauze a usiku kuti afike 8 koloko maphunziro ayambe shifiti isanakwane, pokhapokha galimoto ya kampani nayonso mwaisinthira nthawi. Akaisiya pa nthawi yake yakale, afika 10 koloko monga mwa masiku onse.

Mayi wa ku ofesi ya antchito: Ndionjezere za kabweredwe. Musalembe kuti "sankhani tsiku limene mukufuna", chifukwa onse adzadikira lomaliza, ndipo tsikulo simungachotse anthu 20 pa ntchito. Dzina lililonse likhale ndi tsiku lake ndi ola lake, mutayang'ana kaye masiku a ofu. Matani pepalalo pamene anthu amasainira akafika, kutatsala sabata ziwiri. Kusinthana kuloledwe pakati pa anthu a shifiti imodzi, kapitawo atavomera. Asaine poyamba ndi pomaliza, apo ayi ena amasaina n'kubwerera ku uvuni. Wojomba ndi chifukwa apite ku gulu lobwereza. Wojomba kawiri popanda chifukwa mumumve kaye, kenako kalata yochenjeza.

Kapitawo wa ku Kanengo: Kalata siopsa munthu, mayi. Lembani kuti wosaphunzira asakhudze makinawo, basi. Makapitawo akaona kuti shifiti yawo yatsala ndi anthu awiri ololedwa, adzawatumiza okha. Ndipo makapitawo atatuwo aphunzire tsiku loyamba, chifukwa amene amabweza anthu pa khomo ponena kuti "lero ntchito yachuluka" ndi iwowo.

Mayi wa ku ofesi ya antchito: Kuletsako n'kwabwino pa makina, koma zaukhondo mumuletsa kukhudza chiyani? Buledi yemweyo?

Wofunsa: Zikomo nonse. Wophunzitsayo akuchokera ku kampani imene inatigulitsa makina, ndipo akuti ali ndi masiku atatu okha.

Kapitawo wa ku Kanengo: Mwaonatu, zimatuluka pang'onopang'ono! Ndiye m'masiku atatuwo aphunzitse makapitawo ndi anthu awiri pa shifiti iliyonse, onse 9, iwowo akaphunzitse anzawo. Koma funso langa lija simunayankhebe: amazungulira kapena ayi?