Za laputopu yomwe imakakamira seva yakale ija, zatheka

Funso langa lija linali loti: "Webusayiti ya shopu yathu ku Mbare tasamutsira ku seva ina, pa foni ikutseguka bwinobwino koma laputopu ikungondionetsa yakale, nditani?"

Abale zatheka, koma zinandizunguza mutu. Achimwene ena aku Highfield anati kompyuta imasunga adiresi ya IP yomwe inauzidwa kale kuti isamangofunsafunsa, ndiye ndifufute zimenezozo. Ndinatsegula Command Prompt nkulemba:

```
ipconfig /flushdns
```

Inayankha kuti zafufutika, ndinatsekanso Chrome yense nkumutsegula poti nayenso amasunga zake payekha, koma ayi ndithu tsamba lakale lomwelo mitengo yake ya chaka chatha, ndinangoti basi seva yatsopanoyo ndiyabodza.

Chomwe chinaulula ndi kufananiza malamulo awiri a mu Command Prompt, nslookup ndi ping, pa dzina la webusayitiyo. nslookup imakafunsa mwachindunji ku seva ya DNS, yomwe imauza kompyuta IP ya dzina la webusayiti, ndipo inabweretsa IP yatsopano, pomwe ping imadutsa kaye muzomwe zili mu kompyutamo ndipo inali ikupitabe ku yakale. Ndiye kuti vuto si waifai, lili mu laputopu momwemu.

Kunapezeka kuti mnyamata anatipangira webusayiti uja analemba IP yakale mu fayilo iyi nthawi yomwe ankayesa zinthu zake, nkuiwala:

```
C:\Windows\System32\drivers\etc\hosts
```

Zamu fayilo imeneyi olo mufufute ndi ipconfig /flushdns kakhumi zimabwereranso. Ndinaitsegula ndi Notepad podina Run as administrator (kupanda apo imakana kusunga), nkuchotsa mzere umodziwo, kulembanso lamulo la flushdns lija, tsamba latsopano nkutseguka pompo.