Ngongole ya zaka zinayi: kodi yapita?

Wa ku Dedza: Abale ndithandizeni nzeru. Mu Malichi 2022 ndinabwereketsa mnzanga 6,000 randi kuno ku Joni, tinagwirizana kuti abweza kumapeto kwa Juni chaka chomwecho. Mpaka lero ndi mawa mawa. Pano akuti ngongoleyo inafa kale. Ngongole imafa?

Anachisale: Ngongole siwola achimwene, akukuopsezani chabe. Pitani kupolisi.

Amalume a ku Debeni: Ayi achemwali, apolisi salowerera za ngongole, akutumizani kukhothi. Ndipo kuno imafadi. Lamulo la mu 1969 limati ngongole wamba ikatha zaka 3 osasumira, wobwerekayo akhoza kuuza khothi kuti nthawi inadutsa, mlandu n'kuthera pomwepo. Kuwerenga kumayambira tsiku limene ankayenera kubweza, osati limene munamupatsa. Ndiye yanu ikanafa kumapeto kwa Juni 2025. Koma ndifunse: chipanganirane, anabwezako ngakhale pang'ono?

Wa ku Dedza: Anatumiza 500 randi ku akaunti yanga mu Januwale 2024, basi.

Amalume a ku Debeni: Ndiye mwapulumukira pamenepo. Munthu akalipirako kapena akavomera kuti ngongole ilipo, zaka zitatuzo zimayambanso poyambirira. Muli ndi mpata mpaka Januwale 2027. Katengeni sitetimenti kubanki, ndipo mauthenga ake a pa foni musafufute.

Mnyamata wa magadeni: Ine ndinamva kuti ukangomulembera kalata yoitanitsa ndalama nthawi imaima.

Amalume a ku Debeni: Apo ndi pomwe ambiri amagwera mphwanga. Kalata yanu, kaya ya loya, siimitsa kanthu. Chimaimitsa ndi samani ya kukhothi, ndipo imufikire m'manja nthawi isanathe. Kalatayo ndi yofunika ndithu, chifukwa kukhothi la milandu ing'onoing'ono amafuna muyambe mwamulembera n'kumupatsa masiku 14. Kumeneko loya salowako, mumadziyankhulira nokha. Musadikire Disembala, munthu akasamuka nyumba samani imazungulira miyezi.

Mayi a ku Kepitauni: Pepani ndalowerera. Mlongo wanga anagundidwa ndi galimoto chaka chatha, dalaivala anathawa. Nayenso ali ndi zaka 3?

Amalume a ku Debeni: Ayi mayi, zimenezo n'za RAF, thumba lolipira ovulala pamsewu. Dalaivala kapena mwini galimoto akadziwika ndi zaka 3, koma ngati anathawa osadziwika ndi zaka 2 zokha kuchokera tsiku la ngozi. Chaka chapita kale chimenecho. Lipoti la kupolisi ndi mapepala a kuchipatala alipo?

Mayi a ku Kepitauni: Akuchipatala alipo. Koma pasipoti yake inatha masiku, akuopa kupita.

Anachisale: Wina kwathu kuno anamubweza chifukwa cha mapepala omwewo, wina akuti analandira. Kaya.

Amalume a ku Debeni: Nkhani ya mapepalayo yakhala ikukokedwa m'makhothi. Akaonane ndi loya sabata ino, asadikire kuti pasipoti ikonzeke kaye.

Wa ku Dedza: Nanga akakana kuti 500 ija inali ya ngongole, n'kunena kuti inali yondithandiza pa maliro? Chifukwa mwezi umenewo ndinalidi ndi maliro kumudzi.