Ndilipire K6,000 kuti andikonzere maminitsi?

Mlembi wa ku Lifuwu: Abale ndithandizeni nzeru. Ndine mlembi wa kalabu yathu ya mpunga, maminitsi a Loweruka atuluka masamba 4 ndiye apampando akuti sakuona pomwe tinamanga mfundo. Mnyamata wina wotayipa pa Kamuzu Road akuti K6,000 awakonza mpaka kupulinta. Ndilipire?

Wa ku Chipoka: Musayerekeze achimwene. Ine anandidya K4,500 wina wake, anangotayipa momwe ndinalembera nkudetsa mitu basi, nkhani ya ngongole ya feteleza inakwiririkabe pakati pa tsamba lachitatu ndipo mwezi unatha palibe anapita kukatolera, mpaka lero zimandiwawa.

Mayi a mapasa: Maminitsi a K6,000 ndi a netiweki iti?

Mlembi wa ku Lifuwu: A msonkhano mayi, osati a foni.

Aphunzitsi opuma: Wotayipayo kumsonkhano kunalibe, ndiye zomwe simunalembe azitenga kuti? Tatiwerengereni mfundo imodzi momwe ilili.

Mlembi wa ku Lifuwu: "Anthu anagwirizana kuti matumba agulidwe posachedwa, komiti iona."

Aphunzitsi opuma: Vuto ndi limenelo mwana wanga. "Posachedwa" si tsiku, ndipo "komiti" singayankhe mukaiitana. Matumba angati? Agule ndani? Lembani chonchi: kugula matumba 50, msungichuma, pofika pa 15 Meyi, lisiti abweretse msonkhano wotsatira. Mfundo iliyonse mzere wake, dzina limodzi. Muziike pamwamba pa tsamba loyamba m'mabokosi atatu, chomwe tamanga, wochita, tsiku. Koma ngati dzina ndi tsiku sizinatchulidwe pamsonkhano musapeke nokha, siyani mpata mukafunse anthu musanasayinitse apampando, apo ayi msungichuma adzakana kuti sanavomere ndipo adzakhala akunena zoona.

Bwana wa ku Senga Bay: Ine pa laputopu yanga mphindi 10 zatha. Insert, Table, mayina Ctrl+B. Zokambirana zonse ndimafufuta, anthu safuna nthano.

Aphunzitsi opuma: Kufufuta zonse ayi bwana. Fupikitsani, mizere iwiri pansi pake yonena chifukwa chomwe munasankhira zimenezo. Chaka chamawa wina akadzafunsa kuti bwanji 50 osati 80 mudzaloza pati?

Mayi a mapasa: Oo ndamva tsopano. Ife ku banki mkhonde ndi hadikava, rula ndi bolopeni yofiira. Mlembi amadula mizere kumapeto kwa tsamba, tisanabalalike amawerenga mokweza yemwe watchulidwa avomere pamaso pa onse. K6,000 imeneyo gulani matumba.

Wa ku Chipoka: Ndipo kupulinta ndi K200 tsamba, enawo akukuberani.

Bwana wa ku Senga Bay: K200 inali kale, pano 300.

Mlembi wa ku Lifuwu: Koma alangizi amafuna kope yotayipa nawonso. Ndikonza ndekha m'buku kaye, mawa ndimufunse kuti kungotayipa tsamba limodzi ndi zingati.