Warp Stabilizer yathetsa kugwedera koma zipilala zikupindika

Diso la Kamera: Akuluakulu ndithandizeni. Pali kachigawo ka masekondi 18 kojambulidwa pamanja, wojambula akuyenda pambuyo pa munthu m'khonde lokhala ndi zipilala. Ndi 1080p, mafulemu 25 pa sekondi, shata 1/50, lenzi ya 24mm. Ndaika Warp Stabilizer mu Premiere osasinthapo chilichonse. Kugwedera kwatha ndithu, koma zipilala zikupindika ngati ukuziona m'madzi, chithunzi chakulitsidwa kufika 134%, ndipo pa sitepe iliyonse chikuchita chimbuuzi kenako n'kuyeranso. Kujambulanso sikungatheke. Ndiyambire pati?

Mwendo Utatu: Achimwene, pezani gimbo, chogwirira kamera chothetsa kugwedera, basi. Kuyenda ndi kamera pamanja kumathera pamenepo.

Diso la Kamera: Zoona akulu, koma kanemayu anajambulidwa kale. Ndikufuna kupulumutsa zomwe zilipo.

Kadaulo Wamng'ono: Kupindikako kumachokera ku sensa yomwe imawerenga chithunzi mzere ndi mzere kuchokera pamwamba kutsika pansi. Kamera ikagwedera pakati pa kuwerengako, mizere yoongoka imapendama. Tsegulani Advanced, pa Rolling Shutter Ripple sankhani Enhanced Reduction. Chimbuuzicho chiphimbeni ndi Sharpen pang'ono.

Mkonzi Wakale: Za sensa mwanena zoona, koma sindikukhulupirira kuti ndiye gwero lalikulu pano, ndipo pali njira yodziwira. Zimitsani Warp Stabilizer ndipo muyende fulemu ndi fulemu pamalo pomwe phazi likugunda pansi. Ngati zipilala zikupendama kapena kunjenjemera ngakhale pa kanema wosakhudzidwa, ndi sensa, ndipo Enhanced Reduction ithandizako. Ngati zili zoongoka, wozipinda ndi pulogalamuyo.

Method imayambira pa Subspace Warp. Imeneyi sisuntha chithunzi chonse pamodzi, imakoka mbali zosiyanasiyana za chithunzi payokhapayokha. M'khonde, chipilala chapafupi chimadutsa mothamanga pomwe khoma lakutali likuyenda pang'onopang'ono, ndipo munthu ali pakati akuyenda mwa iye yekha. Pulogalamu ikayesa kukhazika pansi zitatu zonsezi nthawi imodzi, imatambasula apa n'kufinya apo. Pa udzu kapena mitengo simungazindikire msanga, koma mzere woongoka ngati chipilala kapena mphuthu ya chitseko umaulula nthawi yomweyo.

Sinthani Method ikhale Position, Scale, Rotation. Imeneyi imasuntha, kukulitsa ndi kuzungulitsa fulemu yonse ngati thabwa limodzi, choncho singapinde kanthu. Perspective ndikanaidumpha pano, chifukwa m'makonde imakonda kupendeketsa makoma ngati chitseko chikutseguka.

Kenako Smoothness. Imayambira pa 50%, ndipo pa kanema woyenda imeneyo ndi yambiri. Itsitseni kufika 10%, muonere, kenako mukwere pang'onopang'ono mpaka pomwe kugunda kwa mapazi kwasiya kupweteka maso. Kawirikawiri mupeza pakati pa 5% ndi 20%. Kanema wa munthu akuyenda ayenera kutsala ndi kakuyenda pang'ono, woonera amakayembekezera.

Diso la Kamera: Ndayang'ana. Pa kanema wosakhudzidwa zipilala n'zoongoka. Ndaika Position, Scale, Rotation ndi Smoothness 12%, kupindika kwatheratu. Kukulitsa kwatsika kufika 121%, koma ndikuonabe kuti n'kwambiri.

Mkonzi Wakale: N'kwambiridi pa 1080p. Pa 134% munkagwiritsa ntchito mapikiselo pafupifupi 1,433 mwa 1,920 a m'lifupi, otsalawo atayidwa, ndipo omwe atsala atambasulidwa kudzaza sikirini. Pa 121% ndi pafupifupi 1,587. Mukaika kachigawoka pafupi ndi ena osakulitsidwa, kufewa kwake kumaonekera. Ine pa 1080p ndimafuna kusapitirira 110%. Akanakhala 4K wopita mu 1080p, bwenzi tili ndi malo mpaka 200% popanda kutaya kuthwa, kungosamala kuti mutu wa munthu usadulidwe.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti kukulitsako kumatengera malo oipitsitsa pa kachigawo konse. Kugwedezeka kumodzi kwakukulu kwa theka la sekondi kumalipiritsa masekondi onse 18. Sinthani Framing ikhale Stabilize Only kwa kanthawi, muonere m'mbali mwakuda mukuvina. Pomwe mdimawo walowa kwambiri m'chithunzi, pamenepo ndiye pali vuto. Nthawi zambiri ndi poyambira, pomwe chala chadina batani, kapena pothera kamera ikutsitsidwa. Dulani pamenepo kaye, mudinenso Analyze, ndipo mubwezere Framing pa Stabilize, Crop, Auto-scale. Ngati kugwedezekako kuli pakati, dulani kachigawoko pawiri, muikepo chithunzi china chophimba, mbali iliyonse ikhazikitsidwe payokha. Chomaliza, kokerani Crop Less <-> Smooth More kumbali ya Crop Less.

Mayi wa Mitundu: Kwa omwe ali pa DaVinci Resolve, nkhani ndi yomweyi, mayina okha ndiwo asiyana. Mode ili ndi Perspective, Similarity ndi Translation, ndipo pa khonde ngati ili yambani ndi Similarity. Mukasintha Mode dinaninso Stabilize, apo ayi muziona zotsatira zakale. Camera Lock musaiyatse pa kamera yoyenda: imayesa kuimitsa chithunzi ngati kamera ili pa miyendo yake, monganso No Motion ya mu Premiere, ndipo imadula m'mbali koopsa.

Za Sharpen, pepani achimwene, sindikugwirizana nazo. Chimbuuzicho chinalowa mu fulemu pojambula. Pa 1/50 shata imakhala yotseguka theka la nthawi ya fulemu iliyonse, ndipo phazi likagunda, kamera imadumpha ili yotseguka, chithunzi n'kuchita chimbuuzi molowera komwe yadumphira. Kanema akamagwedera diso silidandaula, chifukwa chimbuuzi chikugwirizana ndi kuyendako. Mukachotsa kuyenda, chimbuuzi chimatsala chokha, chithunzi chili phee koma chikuphethira pa sitepe iliyonse. Sharpen ingowonjezera kuthwa kwa mafulemu abwino ndi phokoso la m'chithunzi, kusiyana kwake n'kukula.

Diso la Kamera: Ndiye palibe mankhwala, mayi?

Mayi wa Mitundu: Mankhwala ake n'kubwezera kugwedera pang'ono kuti chimbuuzi chipeze pobisala. Yesani Smoothness 5%. Tulutsani masekondi 5 katatu: wosakhudzidwa, wa 5% ndi wa 12%, muwaonere pa sikirini yonse pa liwiro lake lenileni, osati pa kawindo kakang'ono ka mu pulogalamu. Yang'anani nkhope kapena zolemba za pakhoma, kenako m'makona. Ngati diso likukokedwa ndi kuphethirako kuposa momwe linkakokedwera ndi kugwedera, wosakhudzidwayo wapambana. Zikatero ingofupikitsani kachigawoko, mutenge masekondi 6 kapena 7 odekha kwambiri.

Kadaulo Wamng'ono: Ndavomera za Sharpen. Koma ndiye tsiku lina ajambule pa 1/200, fulemu iliyonse izikhala yakuthwa, pulogalamu ipeze chogwira.

Mkonzi Wakale: Pa kukhazikitsa zimathandizadi. Koma pa mafulemu 25, 1/200 imapangitsa manja ndi miyendo ya munthu kuoneka ngati ikudukiza, ndipo kachigawoko kamasiyana ndi anzake a 1/50. Pansi pa nyale za magetsi a 50 Hz mutha kukumananso ndi kuthwanima kapena mizere. Ine ndikanaima pa 1/100.

Kadaulo Wamng'ono: Panja masana ine ndikhalabe pa 1/200. Chimbuuzi cha kuyenda umatha kuchiwonjezera pambuyo pake, kuchichotsa ndiye n'kovuta.

Mkonzi Wakale: Chowonjezeracho chimasokonezeka m'mphepete mwa zinthu zodutsana, ngati dzanja likudutsa kutsogolo kwa chipilala. Chiyeseni pa kanema wotere musanachidalire.

Diso la Kamera: Ndadula sekondi yoyamba ndi masekondi 2 omaliza, kukulitsa kwafika 108%. Pa 5% kuphethira kwachepa, kwatsala pa masitepe awiri pomwe wojambula ankakhota. Pamenepo ndiikapo chithunzi chapafupi cha mapazi. Ndikufunanso kuchepetsa liwiro kufika 80%, koma Premiere ikukana, ikuti Warp Stabilizer ndi Speed sizingakhale pa kachigawo kamodzi.

Mayi wa Mitundu: Khazikitsani kaye, muchite Nest, kutanthauza kuika kachigawoko mu sikwensi yakeyake, liwiro mulisinthire pa Nest yo. Koma kumbukirani kuti mulibe mafulemu apadera. Pa 80% mukhala ndi mafulemu 20 enieni pa sekondi, 5 otsalawo pulogalamu iwabwereza kapena kuwapeka ndi Optical Flow, ndipo zipilala zodutsa pafupizo ndi pomwe Optical Flow imayambira kupinda zinthu. Onaninso masitepe awiri aja musanatulutse.