Ndisankhe foni iti pa ziwirizi?

Abale, ndithandizeni nzeru. Ndimakhala ku Luchenza ndipo ndimagulitsa nthochi ndi nanazi. Ndasunga kandalama koti ndigule foni ya WhatsApp, yojambulira katundu ndi kulandirira ndalama pa Airtel Money ndi Mpamba.

Ku Limbe ndapeza mafoni awiri a mtengo wofanana. Pabokosi la yoyamba palembedwa RAM 4GB (2GB+2GB), ROM 64GB, Unisoc SC9863A. Pa yachiwiri palembedwa RAM 3GB, ROM 32GB, Helio G36.

Chandiimitsa ndi 2GB+2GB ija. Wogulitsa akuti ndi 4GB basi, koma mphwanga akuti RAM yeniyeni ndi 2GB yokha, inayo foni imangobwereka kumalo osungira zinthu, ndipo yobwerekayo ndi yochedwa. Ngati zili choncho, ndiye kuti ya 3GB ikuiposa? Foni yanga yakale inali ya 2GB, ndipo ndikatuluka mu WhatsApp kukajambula chithunzi, pobwerera ndinkapeza yayambiranso. Zimenezo sindikuzifunanso.

Koma 32GB ikundiopsa. Android yokha ndi mapulogalamu obwera ndi foni zimadya pafupifupi 10GB, ndiye mavidiyo a m'magulu a kumpingo ndi a maliro adzadzaza yotsalayo msanga. Memori khadi ndili nayo, koma ndikudziwa kuti WhatsApp imasunga zake m'foni momwemo.

Za purosesa ndiye ndasokonezeka, mabokosi onse akuti octa-core. Amene mwagwiritsapo SC9863A kapena G36, ndi iti imachedwa kapena kutentha? Ndipo ndisanalipire, ndiyang'ane pati mu Settings kuti ndione RAM yeniyeni?