Ndithandizeni, kalata ya Chingerezi ikundikanika kumasulira kuti anzanga pachipatala aimve

Membala wosatchula dzina

Moni nonse pagulu pano. Ndikulemba mutu ukuwawa. Ndimagwira ntchito pa kachipatala ka kumudzi m'boma la Angoniya, chakumalire. Lachiwiri kunabwera kalata ya Chingerezi ya masamba atatu, ndiye a shefe anangoiika patebulo panga nkuti, "Inu munaphunzira ku Dedza, imasulireni, Lolemba tiimate pakhoma." Nzoona pulayimale ndinaphunzira ku Malawi makolo atathawa nkhondo, koma ntchito yanga si yomasulira. Chilichonse cha Chingerezi pano ndi ine, mlendo akabwera amaitana ine, koma mayina a opita kumaphunziro ku Tete akamatuluka langa silikhalapo. Makina osindikizira anafa kalekale, ndiye ndilemba pamanja. Njinga yamoto ilibe mafuta, ndipo foni ikungokoka netiweki ya ku Malawi, ndalama nkumathera pomwepo. Ndamasulira usiku, m'mawa nditamuwerengera mnzanga wangondiyang'ana osanena kanthu. Ndiyambire pati abale?

Mphunzitsi Wopuma, Ulongwe

Mwanawe, choyamba kuno timayankhula Chinyanja. Chichewa ndi dzina limene a ku Malawi anapatsa chilankhulochi mu 1968, lisiyeni kwawo konko. Chachiwiri, chilankhulo cha boma la Mozambiki ndi Chipwitikizi, zili m'malamulo a dziko. Kalata ya Chingerezi ikudzatani pa chipatala cha kuno? Ibwezeni kumene yachokera, atumize ya Chipwitikizi. Ana a masiku ano mumangovomera zilizonse.

Mnyamata wa Kabaza

Mana, muwauze a shefe kuti tsamba limodzi ndi thumba la mbatata ya ku Tsangano. Masamba atatu, matumba atatu, ine ndidzanyamula ulere.

Namwino wa ku Zobwe

Achemwali, mwatiuza za njinga ndi za netiweki, koma simunatiuze kuti kalatayo ikunena chiyani, yachokera kwa ndani, ndipo aziwerenga ndi ndani. Ngati ndi anamwino okhaokha, ambiri anaphunzira ntchito m'Chipwitikizi ndipo mawu a ntchito amawadziwa m'menemo. Ngati ndi alonda ndi osesa, kalembedwe kake nkena. Tikopereni ndime imodzi monga mwaimasulira.

Mayi wa Awiri

Inu a zipatala zolemba zanu zimatizunza. Ine ndinayenda ndi mwana kumbuyo kuchokera m'mamawa chifukwa pakhoma panalembedwa kuti katemera ndi "Lachinayi lachiwiri". Ine ndimati pakadutsa Lachinayi limodzi, iwo akuti Lachinayi lachiwiri pamwezi. Ndinabwerera osathandizidwa, ndipo wina anandikalipira ngati ndine wosamva. Mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwawa.

Membala wosatchula dzina

Pepani ndinaiwala. Yachokera ku bungwe limene linatipatsa firiji ya sola, ndipo ikunena za kasungidwe ka katemera. Oziwerenga ndi tonse, anamwino awiri, a sereventi amene amasesa ndi kuthandiza anamwino, aakitivisita a zaumoyo ndi mlonda. Ndime yoyamba ndalemba motere: "Kuyambira mwamsanga, ogwira ntchito onse akukumbutsidwa kuti katemera adzasungidwa mozizira pakati pa madigiri 2 ndi 8, kutentha kudzalembedwa kawiri patsiku, ndipo kupatuka kulikonse kudzanenedwa kwa munthu woyenera popanda kuchedwa kosayenera." Palibe liwu limene ndasiya.

Mphunzitsi Wopuma, Ulongwe

Mwaona? "Firiji"! Kuno amayi onse amati jelera. Mukalemba firiji ndiye mukulembera anthu a ku Ntcheu. Ndinaphunzitsa ana m'Chinyanja pamene maphunziro a zilankhulo ziwiri anabwera, ndikudziwa chimene ndikunena. Ndipo ndikubwereza, bungwe silingalamule chipatala cha boma.

Namwino wa ku Zobwe

Tsopano vuto laoneka, ndipo Chingerezi mumachidziwa ndithu. Kungoti kalata za m'maofesi zimabisa wochita ntchito. "Kudzalembedwa", alemba ndani? "Kudzanenedwa", anena ndani, kwa yani? Pa chipatala cha anthu ochepa, aliyense akawerenga zimenezi aganiza kuti akunena mnzake, ndipo Loweruka pepala lidzagona losalemba.

China, "dza" ameneyo muchotseni. Chingerezi cha malamulo chimalamula ngati chikulosera zam'tsogolo, koma kwathu "katemera adzasungidwa" munthu amamva ngati ndi zimene zidzayambe tsiku lina. Lembani "asungidwe", kapena bwino koposa "sungani".

Musanalembe, tengani pepala lina, pa chiganizo chilichonse mudzifunse kuti achite ndani, achite chiyani, nthawi yanji. Ndime yanuyo ikhoza kutuluka chonchi:

"Kuyambira lero. Firiji ya katemera ikhale pakati pa +2 ndi +8. Ikatsika pansi pa +2 ndi vuto, ikakwera kupitirira +8 ndi vutonso. Amene ali pantchito tsikulo awerenge nambala m'mawa akangofika ndi madzulo asanaweruke, alembe papepala la pafiriji, masiku onse, Loweruka ndi Lamlungu lomwe. Mukapeza nambala ili kunja kwa +2 ndi +8, imbirani a..... pa nambala iyi....."

Pa "kuyambira lero" lembaninso tsiku lenileni, mwezi m'mawu, chifukwa pepalalo likhala pakhoma chaka chathunthu. Mipata ndasiyayo musadzaze nokha. Kalata yangoti munthu woyenera, ndiye ndi a shefe amene anene kuti woyenerayo ndani.

Bambo wa ku Moatize

Ine ndinanyamulako katemera pa kampeni ya poliyo. Musavutike ndi manambala, anthu akumudzi amasokonezeka nawo. Ingolembani kuti katemera akhale pozizira kwambiri nthawi zonse. Chimene chimapha katemera ndi kutentha basi. Wa poliyo tinkamuona akuchokera mufiriza ali gwa, ndipo ankagwira ntchito bwinobwino.

Namwino wa ku Zobwe

Achimwene, za poliyo wa madontho mukunena zoona, iye saonongeka akaundana. Koma katemera wa penta, wa PCV ndi wa kafumbata akaundana kamodzi kokha mphamvu yatha, ngakhale asungunuke nkuoneka bwino. Kabwalo ka pabotolo kosintha mtundu kaja kamangoonetsa kutentha, za kuundana sikanena kanthu. Nchifukwa chake liwu loti "mozizira" lija ndikuliopa. Moatize kumatentha, koma ku Angoniya mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira zedi. Munthu wamtima wabwino akawerenga "pozizira kwambiri" nkuona +1 asangalala kuti firiji ikugwira, kapena agundika mabotolo ku jelo, madzi oundana aja, m'bokosi lonyamulira. Achemwali, ngati kalatayo ili ndi mawu a kuundana, aikeni pa mzere wawokha: "Katemera asaundane. Asagundane ndi jelo."

Mphunzitsi Wopuma, Ulongwe

Eya, "jelo" mwavomera, nanga jelera mukukaniranji? Ndiye Chinyanja chanji chosankha? Inu a ku Zobwe lilime lanu linapita kale ku Mwanza. Ndipo palibe amene wandiyankha za bungwe.

Namwino wa ku Zobwe

Bambo, pa jelera sinditsutsa. Alembe liwu limene a sereventi awo amanena akamaloza chinthucho, ndipo likhale lomwelo kuyambira pamwamba mpaka pansi, asati apa firiji apo jelera, wina angaganize kuti ndi ziwiri. Za bungwe muli ndi mfundo. Malangizo a katemera kuno ndi a PAV, nthambi ya katemera ya unduna wa zaumoyo, ndiye woyang'anira PAV kuboma aione kalatayo isanamatidwe. Zikasiyana ndi za unduna, womasulira si amene angasankhe.

Mlembi wa Mpingo

Ine ndimamasulira makalata a mpingo ochokera ku Lilongwe ndi ku Tete. Langizo langa, musafupikitse. Kalata ya akuluakulu imamasulidwa yonse, ndi malonje omwe. Ndinachotsapo ndime imodzi ya mawu oyamba, akulu ampingo anandiimika pamaso pa anthu kuti ndabisa mawu. Masamba atatu akhale atatu.

Mtsikana wa Famasi

Aa bambo, masamba atatu olemba pamanja mlonda awerenga ndi tochi usiku? Ife timachita ziwiri. Yonse imalowa mufayilo pamodzi ndi yoyambayo, ndipo pafiriji timamata tsamba limodzi la zochita, a shefe atasayina ndi kudinda. Mana, samalaninso manambala. Chingerezi chimalemba 0.5, ife kusukulu tinaphunzira 0,5. Ngati muli ndi kachida koyezera kuzizira ka Fridge-tag, kamaonetsa alamu kukakhala pansi pa -0,5 kwa ola limodzi kapena pamwamba pa +8 kwa maola 10. Kamzere ka kutsogoloko kalembeni kooneka, pamanja kamasowa. Nthawi lembani monga wotchi yathu ya maola 24, 7:00 ndi 15:00, osati "3 koloko", wina adzafunsa kuti ya usiku kapena masana.

Mphunzitsi Wopuma, Ulongwe

Ana inu simudziwa kuti kale kalata inkabwera yodinda kuchokera ku Tete, aliyense nkumva popanda womasulira. Lero bungwe lililonse likubwera ndi pepala lake. Mawa abwera a Chifalansa, mudzafunanso wophunzira kuti? Ine ndikanakhala shefe pamenepo, kalatayo ikanagona m'dirowa.

Mnyamata wa Kabaza

Madala mwakwiya ngati jelera ndi yanu.

Membala wosatchula dzina

Zikomo nonse, makamaka achemwali a ku Zobwe. Ndalembanso ndipo ndawerengera a sereventi. Akuti jelera, ndiye ndalemba jelera. Koma pa tsamba lachiwiri pali mawu akuti katemera wokayikitsa "apatulidwe". Nditawafunsa kuti achita chiyani, anati amutulutsa nkumuika m'katoni pa shelefu podikira kutaya. Kodi ndi zimenezo? A shefe apita kumaliro ku Domwe, foni yawo sikulowa, ndipo mnzanga winayo akuti iye sizimukhudza chifukwa sanamuuze.

Namwino wa ku Zobwe

Ayi, asatero! Mwachita bwino kuwafunsa chimene achite, mukanafunsa kuti "mwamva?" akanangoti inde. Kupatula kumeneko ndi kwa mkati mwa jelera momwemo. Lembani kuti, "Katemera amene mukumukayikira musamutaye, musamutulutse, musabayire ana. Muikeni m'kabokosi kakekake m'jelera, mulembepo kuti ASAGWIRITSIDWE NTCHITO, mpaka woyang'anira atamuona." Akakhala pa shelefu, ngakhale amene anali wabwino aonongeka, ndipo kuyesa mabotolo powagwedeza kuti woyang'anira adziwe ngati anaundana sikuthandizanso. Ngati jelerayo yafa, apite m'bokosi lonyamulira. Mawu aja a "popanda kuchedwa kosayenera" alibe nthawi, ndiye afunseni a bungwewo ngati akutanthauza nthawi yomweyo kapena tsiku lomwelo, musaike maola a m'mutu mwanu. Ndipo musamate Lolemba ngati a shefe sanasayine.

Mlembi wa Mpingo

Koma pamenepo mwaonjezera mawu amene m'kalata mulibe. Kumeneko ndi kumasulira kapena kulemba yanu?

Mtsikana wa Famasi

Nchifukwa chake ikufunika siginecha bambo. Mana, simunatiuzebe, Loweruka ndi Lamlungu pamakhala ndani pachipatalapo? Ngati ndi mlonda yekha, amatha kuwerenga nambala, ndipo makiyi a chipinda cha jelera amakhala nawo?